Mapaipi angati? Yendani kaye njira ya madzi

Mayi wina anandiitana kunyumba yake yatsopano. Thanki inali itakwera kale pansanja, makoma atapakidwa, koma madzi anali asanalowe. Ndisanakhale n'komwe pansi anandipatsa mapepala awiri. Lina linati mapaipi 4, linalo linati mapaipi 9, ndipo onse awiri analembedwa ndi anthu odziwa ntchito, pa nyumba imodzi yomweyo ya mipopi itatu: wa panja, wa kukhitchini ndi wa kubafa.

"Bambo, mwa awiriwa, akundinamiza ndani?"

Funso limeneli limandibwererabe nthawi iliyonse ndikagwira tepi, chifukwa sindikhulupirira kuti panali wonama. Woyamba anayeza pa pulani, ndipo pulani imaonetsa nyumba monga ikuonekera kuchokera kumwamba, yopanda kukwera kapena kutsika. Wachiwiri anayang'ana bwalolo ndi maso, nawonjezera zambiri kuti asadzachite manyazi ntchito ili mkati. Onse awiri anayambira pa kutalika kwa paipi. Ine ndimati kumeneko ndi komalizira.

## Choko chisanafike tepi

Ndinawapempha mayiwo kuti tiyende limodzi kuchokera pathanki, iwo atagwira pepala, ine choko. Tepi tinaisiya m'chikwama. Ndinawauza kuti tiziima paliponse pamene madzi akuchita chinthu china chosiyana ndi kungoyenda molunjika, ndipo zinthuzo ndi zisanu zokha: akukhota, akugawikana, akulowa mu paipi yocheperapo, akuchoka pa pulasitiki kulowa pa chitsulo cha mazinga, kapena tikufuna kuwatseka. Pamalo aliwonse otere pamakhala fitingi, ndipo pamalo aliwonse otere paipi imadulidwa.

Tinaima pansi pa nsanja, ndikuwalozera m'mwamba. Madzi akatuluka m'thanki amayenda pang'ono chammbali kuti apitirire m'mphepete mwa nsanja, kenaka amakhota kutsika. Elibo yoyamba. Akafika pansi pa ngalande amakhotanso kulunjika kunyumba. Elibo yachiwiri. Tinayenda mpaka pamene mpopi wa panja udzakhale, ndinajambula mtanda pa mwala, tii yoyamba. Tinafika pa kona ya nyumba, elibo yachitatu. Pansi pa zenera la kukhitchini, tii yachiwiri. Kumapeto, kuseri kwa bafa, ndinajambula elibo.

Apa mayiwo anaima. "Bwanji pano simunalembe tii? Si mpopinso uwu?"

Ndinawafunsa kuti madzi akapitirira pamenepo akupita kuti. Anayang'ana khoma, nayang'ana kumene tachokera, kenaka anaseka. Tii ndi ya pamene madzi ena akupatuka, ena akupitirira. Pa mpopi womaliza palibe opitirira, onse akukhota. N'chifukwa chake pa mzere wa mtundu uwu matii amachepera ndi imodzi pa chiwerengero cha mipopi: mipopi 3 matii 2, mipopi 6 matii 5. Lamuloli limagwira ngakhale mzere utagawikana n'kugawikananso, bola mukugwiritsa ntchito matii wamba a pakamwa patatu. Mukaona mndandanda wa mipopi 3 uli ndi matii 3, funsani. Mwina mmisiri akusiya pakamwa pamodzi potseka kuti mudzawonjezere mpopi m'tsogolo, zomwe ndi nzeru, koma pamenepo chotsekera chiyeneranso kuoneka pa mndandandawo.

Kuyambira pamenepo mayiwo ndi amene ankatchula mafitingi, ine ndikungovomereza. Tsiku limenelo ndinaona kuti kuwerenga kumeneku si chinsinsi cha apulambala. Mwini nyumba angathe kuchita yekha, bola ayende njirayo ndi miyendo yake.

## Mamita amene pulani siionetsa

Titatha kuika zizindikiro, ndi pamene tepi inatuluka. Tinkayeza kuchokera pa chizindikiro china kufika pa chinzake, chidutswa chilichonse pachokha, n'kulemba pa mzere wake. Paipi yaikulu yochokera kuthanki tinasankha ya PVC ya mamilimita 32, imene ambiri amaitcha ya inchi imodzi, ndipo nthambi zopita kumipopi za mamilimita 20, ya hafu inchi ija.

Pa paipi yaikulu zinatuluka motere. Kuchoka pathanki kufika pa elibo yoyamba, theka la mita. Kutsika, mamita 4.4, chifukwa pakamwa pa thanki panali pa mamita 4 kuchokera pansi ndipo ngalande inali yakuya masentimita 40. Kuchoka pansi pa nsanja kufika pa tii yoyamba, mamita 7. Kufika pa kona, mamita 4.5. Kufika pa tii ya kukhitchini, mamita 3.5. Kufika kuseri kwa bafa, mamita 3.8. Zonse pamodzi mamita 23.7.

Nthambi ndi zimene zimafuna kudekha. Taonani ya kukhitchini. Ngalande siingagunde khoma chifukwa maziko amatambalala pansi, choncho inadutsa theka la mita kuchokera pakhoma. Ndiye paipi ichoke pa tii, iyende theka la mita kufika pakhoma, ikhote kukwera. Ikwera motani? Munthu wofulumira amati mita imodzi, poti mpopi wa pasinki uli pa mita imodzi kuchokera pansi. Koma pansi pake pati? Mita imeneyo ndi yochokera pa simenti ya m'nyumba. Simentiyo inali pamwamba pa nthaka ya panja ndi masentimita 20, ndipo paipi ikuyambira masentimita 40 pansi pa nthakayo. Kukwera kwenikweni ndi mamita 1.6. Kenaka ikhote, iboole khoma, masentimita 30. Nthambi yonseyo mamita 2.4, pamalo pamene pa pulani pamangooneka kamzere kakafupi.

Ya kubafa inali chimodzimodzi, koma mpopi wake ndi wotsika, pa masentimita 70 kuchokera pa simenti: theka la mita, kukwera mamita 1.3, kuboola khoma masentimita 30, zonse mamita 2.1. Ya panja inayenda chammbali mamita 1.5 n'kukwera mamita 1.2, zonse mamita 2.7. Paipi yaing'ono yonse mamita 7.2.

Tsopano onani pamene pepala loyamba linatayira. Mzere wonse ndi mamita 30.9. Mwa amenewa, mamita 8.5 ndi okwera kapena otsika, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukawachotsa mumatsala ndi mamita 22.4, ndipo mukagawa ndi 6 mumapeza mapaipi 4. Masamu ake anali olondola ndithu. Chimene anayeza ndicho chinali chosakwanira.

## Kugawa ndi 6 sikokwanira

Apa ndi pamene ndimafuna aliyense amvetse, chifukwa ngakhale woyeza bwino amagwa pano.

Paipi ya PVC kawirikawiri imabwera yotalika mamita 6. Paipi yathu yaikulu ndi mamita 23.7, ndiye kugawa ndi 6 kukupereka pafupifupi 4. Munthu agula mapaipi 4, mamita 24, n'kumaona ngati watsala ndi masentimita 30 apadera. Koma paipi sitiigwiritsa ntchito monga chingwe chimodzi chachitali. Timaidula m'zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chiyenera kutuluka mu paipi imodzi.

Tiyeni tidule pa pepala. Chidutswa cha mamita 7 chimadya paipi yathunthu n'kufunanso mita imodzi, ndipo pamene ziwirizi zikumana pamafunika soketi yolumikizira. Paipi yachiwiri ipereke mamita 4.4 otsika aja, mita imodzi ija, ndi theka la mita la pathanki, zonse mamita 5.9, yatha bwino. Yachitatu ipereke mamita 4.5, kutsala 1.5. Yachinayi ipereke mamita 3.8, kutsala 2.2. Nanga mamita 3.5 opita kukhitchini achokera kuti? Palibe chotsala chimene chikukwana.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuona musanadule n'komwe. Zidutswa ziwiri zilizonse zopitirira mamita 3 sizingatuluke mu paipi imodzi ya mamita 6. Werengani zidutswa zotere pa mndandanda wanu. Ife tinali nazo zisanu, ndiye mapaipi sangachepere 5 pokhapokha titalumikiza zotsala.

Ndipo kulumikiza n'kotheka. Mamita 1.5 ndi 2.2 otsala aja akupanga 3.7, amene akukwana 3.5 mutaika soketi ina pakati. Apa mwini nyumba asankhe ali ndi maso: paipi yachisanu, kapena soketi yowonjezera yokwiriridwa pansi pa nthaka, popanda chotsala choti n'kukonzera ngati sowo yaphonya. Ine ndimakonda paipi yachisanu. Paipi yathunthu siidontha pakati popanda chifukwa. Kudontha kumayambira polumikiza, ndipo polumikiza pa pansi pa nthaka mumadzadziwa mochedwa, mukaona udzu ukubiriwira pamalo amodzi kapena thanki ikutsika usiku mipopi yonse ili yotseka. Mayiwo anasankha yachisanu.

Paipi yaing'ono sinavute. Mamita 7.2, zidutswa zonse zazifupi, mapaipi 2. Yankho lonse linali mapaipi 7, asanu aakulu ndi awiri aang'ono.

Anthu ambiri amati muwonjezere 10 pa 100 aliwonse. Si langizo loipa ngati simunalembe zidutswa. Koma mukazilemba mumaona nokha chotsala: pa paipi yaikulu tinatsala ndi mamita opitirira 6 m'zidutswazidutswa, pa yaing'ono pafupifupi 5. Kuwonjezeranso pamenepo n'kungounjika mapaipi padzuwa. Zapadera zimene ine ndimagula ndi elibo imodzi ndi soketi imodzi pa saizi iliyonse, chifukwa fitingi yomatidwa ndi guluu ikapendama siibwereranso, imadulidwa basi.

## Theka la mita loyamba

Pa mzere wonsewo, malo amene ali ndi zitsulo zambiri ndi amene ali aafupi kwambiri, ndipo ndi amene mapepala onse awiri aja anangolemba kuti "valuvu 1".

Pakhoma la thanki pamakhala cholumikizira chake, cha mazinga ndi mphira woletsa kudontha. Chathu chinali cha mazinga am'kati. Valuvu nayonso inali ya mazinga am'kati mbali zonse. Ziwiri zotere sizigwirana, pakati pake pamafunika nipo, kachidutswa ka mazinga akunja uku ndi uku. Kutuluka mu valuvu pamafunika adaputa, mbali ina ya mazinga akunja, mbali ina soketi yomatira paipi. Kenaka kapaipi kakafupi, kenaka yuniyoni, kenaka kapaipi kena kofika pa elibo.

Yuniyoni ndi imene anthu amafuna kuichotsa pa mndandanda, ndipo ine ndimaimenyera nkhondo. Valuvu imatha. Thanki imafuna kutsitsidwa kapena kusinthidwa. Popanda yuniyoni simungazungulitse valuvu kuti ituluke, chifukwa paipi yonse yamatidwa mpaka pansi, ndiye mumadula. Ndi yuniyoni mumamasula nati imodzi, mzere n'kupatukana.

Musanalembe za pamenepa, kwerani mukaone pakamwa pa thanki yanu ndi maso. Mathanki amasiyana, ena pakamwa pake ndi pokulirapo kuposa paipi yanu, ndipo pamenepo pamalowanso chochepetsera cha mazinga.

Kumipopi nkhani ndi yomweyo. Mpopi ndi wa mazinga akunja a hafu inchi, choncho paipi iyenera kuthera pa fitingi ya mazinga am'kati. Wa panja, poti paipi ikukwera n'kukhotera kumpopi, umafuna elibo ya mazinga. A kukhitchini ndi kubafa, poti paipi ikutuluka m'khoma molunjika, amafuna soketi za mazinga. Ngati zilipo za mazinga a chitsulo m'kati, tengani zimenezo. Mazinga a pulasitiki am'kati amang'aluka mosavuta mpopi wachitsulo ukamangidwa mwamphamvu.

Mndandanda wathu unatha motere. Pathanki zinthu 5: cholumikizira, nipo, valuvu, adaputa ndi yuniyoni. Pa paipi yaikulu maelibo 4, soketi 1, ndi matii 2 amene pakamwa pake pa mbali ndi pa mamilimita 20. Ridyusa 1, yochepetsera pakamwa kuchoka pa mamilimita 32 kufika pa 20, yolowa mu elibo yomaliza kuseri kwa bafa. Pa paipi yaing'ono maelibo wamba 5, elibo ya mazinga 1 ndi soketi za mazinga 2. Zonse 21, osawerengera mipopi yeniyeniyo.

## Kuwerenga mathero

Pali njira yodziwira ngati mwaiwala kanthu, ndipo imatenga mphindi zochepa. Chidutswa chilichonse cha paipi chili ndi mathero awiri, ndipo mathero aliwonse ayenera kulowa m'pakamwa pa fitingi ya saizi yake. Werengani mbali zonse ziwiri, zifanane.

Pa paipi yaing'ono tinali ndi zidutswa 8: ziwiri za panja, zitatu za kukhitchini, zitatu za kubafa. Mathero 16. Pakamwa pa mamilimita 20: matii akupereka 2, ridyusa 1, maelibo asanu 10, za mazinga 3. Zakwana 16. Pa yaikulu zidutswa zinalinso 8, mukakumbukira kuti yuniyoni yagawa cha pathanki pawiri ndipo soketi yagawa cha mamita 7 pawiri. Mathero 16. Pakamwa: adaputa 1, yuniyoni 2, soketi 2, matii 4, maelibo anayi 8, koma pamodzi padzaza ridyusa, ndiye 7. Zakwananso 16.

Manambala akasiyana, pali paipi imene ikulendewera popanda polowa, kapena fitingi imene mwailemba pa saizi yolakwika. Nthawi zambiri imakhala ridyusa.

## Muyeso wogulira si muyeso wodulira

Manambala onse ndatchulawa ndi oyeza kuchokera pakati pa fitingi kufika pakati pa inzake. Pogula ndi abwino, chifukwa amapitirira pang'ono chimene mudzadule. Podula ayi. Paipi siifika pakatikati pa elibo, imaima pa kaphewa kamene kali m'kati mwa soketi. Pa mafitingi a PVC omata, soketi ya mamilimita 20 imakhala yakuya pafupifupi mamilimita 16, ya 32 pafupifupi 22, koma yezani imene ili m'manja mwanu.

Njira yosalakwika ndi kuika mafitingi awiriwo pamalo pake, kuyeza mpata wochokera pamlomo wa ina kufika pamlomo wa inzake, n'kuwonjezera kuya kwa masoketi onse awiri. Mpata ukakhala masentimita 25 pa paipi yaing'ono, dulani masentimita 28.2. M'ngalande yaitali kusiyana kotere paipi imakulandira. Pa kachidutswa koboola khoma, ndi kumene kumachititsa kuti soketi ya mpopi imire m'pulasitala kapena ituluke kunja ngati chala.

Chenjeraninso ndi kuyesa kouma. Paipi yopanda guluu nthawi zambiri siilowa mpaka pa kaphewa, imalimba isanafike. Ikapakidwa guluu imatsetsereka mpaka kumapeto. Mukadula motsatira mmene zinakhalira zili zouma, chidutswa chilichonse chidzafupika ndi mamilimita angapo pomata, ndipo pa zidutswa zitatu zotsatizana mpopi umasuntha poonekera. Ikani chizindikiro cha kuya kwa soketi pa paipi ndi pensulo, ndipo pomata onetsetsani kuti chafika pamlomo.

## Chifukwa chake paipi yaikulu ndi ya 32

Wina angafunse kuti bwanji osangoyendetsa ya hafu inchi kuyambira kuthanki, mndandanda ukhale wa saizi imodzi. Madzi a m'thanki alibe chowakankha china koma kutalika kwa m'mwamba pamene thankiyo yakhala. Mamita 10 a kutalika kumeneku amapereka pafupifupi baa imodzi, umene ndi muyeso wa mphamvu yokankha madzi. Mpopi wa kukhitchini unali pa mamita 1.2 kuchokera pa nthaka, pakamwa pa thanki pa mamita 4, ndiye thanki ikatsala pang'ono kutha, chokankha madzi ndi mamita 2.8 okha. Mphamvu yochepa imeneyi imadyedwa ndi kukhulana kwa madzi ndi paipi, ndipo pa madzi ochuluka mofanana, paipi ya 20 imadya pafupifupi kakhumi kuposa ya 32 pa mita iliyonse.

Mafitingi nawo amadya. Elibo imodzi imatsekereza madzi ngati paipi yolunjika yotalika pafupifupi ka 30 kukula kwa m'kati mwake, kutanthauza pafupifupi masentimita 80 pa paipi ya 32 ndi theka la mita pa ya 20. Madzi okhotera m'mbali mwa tii amataya pafupifupi kawiri kake. Mamita amenewa si ogula, musawaike pa mndandanda. Ntchito yawo ndi kukuthandizani kusankha njira. Ngati njira ina ndi yotalikirapo ndi mita imodzi koma ikuchotsa maelibo awiri, tengani imeneyo. Ndipo poyenda ndi choko paja, pewani malo amene paipi ikukwera n'kutsikanso, monga kulumpha mwala kapena khonde. Kuwonjezera pa maelibo anayi amene zimenezo zimadya, pamwamba pa chitunda chotere pamasonkhana mpweya, ndipo madzi opanda mphamvu amalephera kuukankha. Mumadziwa mukaona mpopi ukulavula n'kusiya, thanki ili ndi madzi, makamaka itangodzazidwa pambuyo pouma.

## Paipi ikasintha, werenganinso

Zizindikiro za choko sizisintha ndi mtundu wa paipi, koma masoketi amasintha. Mapaipi ena a PVC amabwera ndi soketi yake kumapeto kumodzi, ndipo pamenepo chidutswa cha mamita 7 chija sichifuna soketi yogula, bola mudule mosamala kuti mbali ya soketiyo igwere pamene mukuifuna. Paipi ya mtundu wa PPR kawirikawiri imabwera ya mamita 4, ndiye zidutswa za 4.4 ndi 4.5 zimene zinali zathunthu zimafuna soketi chilichonse, masoketi n'kukhala 3 m'malo mwa 1. Paipi yakuda ya HDPE imabwera yokulungidwa, mamita 50 kapena 100, ndiye mumadula chidutswa chilichonse chathunthu popanda soketi, ndipo pa kona ya nyumba mukhoza kuipinda mokhota patali m'malo moika elibo ngati ngalande yakumbidwa mozungulira. Choncho funsani kutalika kwa paipi imene mukagule musanayambe kugawa zidutswa, ndipo polemba mndandanda ikani saizi pambali pa fitingi iliyonse, pamodzi ndi kunena ngati ndi yomata kapena ya mazinga, am'kati kapena akunja.